Akufuna kupuma ntchito ali ndi zaka 55, koma penshoni ili kutali

Bambo wina wa ku Kasungu, wa zaka 53, walembera Azakhali. Wagwira ntchito yaukalaliki pakampani ina kwa nthawi yaitali ndipo watopa. Akufuna kupuma akakwanitsa zaka 55, koma kuntchito amuuza kuti penshoni amayamba kulandira pa zaka 60. Banja lake limagwiritsa ntchito K600,000 pamwezi, ali ndi nyumba ya lendi imodzi, ndipo mwana wachitsiriza ali Fomu 2. Akufunsa ngati angakwanitse.

Azakhali akuti bambowa ayambe apempha malamulo a thumba lawo la penshoni, olembedwa papepala. Kusiya ntchito ndi kupuma pantchito n'zosiyana. Matumba ena amalola munthu kupuma msanga, choncho afunse ngati pa zaka 55 adzaonedwa ngati wopuma kapena wongosiya, komanso ndalama zimene angatenge nthawi imodzi. Adziwenso kuti akachoka, ndalama zomwe abwana amawaikira mwezi uliwonse, zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, zidzaima.

Kenako akhale pansi ndi mayi a kunyumba, cholembera m'manja. Zaka zisanu zodikira penshoni ndi miyezi 60, ndipo pa K600,000 pamwezi zikukwana K36 miliyoni. Koma mitengo siima. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense anaona mmene shuga, feteleza ndi mafuta zinakwerera. Tiyerekeze kuti zinthu zikukwera ndi 25 peresenti pachaka: zomwe akugula ndi K600,000 m'chaka choyamba zidzafuna pafupifupi K1.5 miliyoni pamwezi m'chaka chachisanu, ndipo zaka zonsezo pamodzi zidzadya pafupifupi K59 miliyoni.

N'chifukwa chake ndalama zongounjika ku akaunti sizingawafikitse. Pakufunika zinthu zobweretsa ndalama zomwe zimakwera limodzi ndi mitengo, ndipo lendi ndi imodzi mwa izo. Ngati nyumbayo imabweretsa K250,000, awerengere miyezi khumi yokha pachaka, chifukwa wochita lendi amasamuka ndipo denga limadontha. Imeneyo ndi K2.5 miliyoni pa K7.2 miliyoni yofunika chaka choyamba. K4.7 miliyoni yotsalayo ichokera kuti?

Zosunga zina angaziike ku SACCO kapena kugula ma Treasury Bill a boma a masiku 364, koma chiwongoladzanja chikakhala pansi pa kukwera kwa mitengo, ndalamazo zikutha mphamvu. Akachoka, sikimu ya chipatala ya kuntchito nayonso idzatha, ndipo fizi ya mwana idakalipo.

Malangizo a Azakhali ndi akuti chaka chikubwerachi banjali liyese kudya za lendi, za kumunda ndi za geni zokha, malipiro onse n'kumasunga. Akatha chakacho osakhudza malipirowo, angathe kulemba kalata yopumira. Akalephera, apitirize ntchito mpaka mwana amalize sukulu.