PHUNZIRO: KUSANKHIRA MWANA BUKU LOYAMBA LA KASUNGIDWE KA NDALAMA



Mwana wanu wapeza ntchito. Malipiro ndi ochepa, ndipo tsiku la 15 lisanafike wayamba kale kukuimbirani foni kupempha ya basi. Mwaganiza zomugulira buku lomuphunzitsa kugwira bwino ndalama, koma mabuku otere ndi ambiri. Musankhe liti? Malangizo anga ndi awa: musasankhe buku chifukwa cha kutchuka kwake. Liyeseni ndi pepala la malipiro la mwana wanuyo.

1. YAMBANI NDI PEPALA LA MALIPIRO

Tiyerekeze kuti mtsikana wanu akugulitsa m'sitolo ku Chipata ndipo amalandira K3,000 pamwezi. NAPSA imadula K5 pa K100 iliyonse, ndiye kuti K150. NHIMA imadula K1 pa K100 iliyonse, ndiye kuti K30. Msonkho wa pamalipiro sukumukhudza, pakuti mu 2024 boma linaika malire oyambira msonkhowu pa K5,100. Choncho m'manja mwake mumafika K2,820.

Tsopano khalani naye pansi mulembe kumene ndalamazi zimapita. Tinene kuti chipinda ndi K700, chakudya K850, basi K350, ndipo makala, magetsi ndi madzi K250. Zinayi izi sangazithawe, ndipo pamodzi ndi K2,150. Onjezani K200 yotumiza kumudzi, K100 ya foni ndi K150 ya sopo, mafuta odzola ndi chopereka. Zonse zakwana K2,600, ndipo yotsala ndi K220 yokha. Pepala ili mulitenge popita kukasankha buku.

2. MAFUNSO ATATU OFUNSA BUKU

Musanalipire, werengani tsamba la mitu ya nkhani ndi mutu woyamba, ndipo mufunse mafunso atatu.

Loyamba: kodi lamulo la bukuli likukwana m'malipiro a mwana wanga? Buku la All Your Worth, limene Elizabeth Warren analemba ndi mwana wake Amelia Warren Tyagi mu 2005, limaphunzitsa kugawa malipiro patatu: theka ku zinthu zimene munthu sangakhale popanda izo, magawo 30 pa 100 ku zokhumba, ndi magawo 20 pa 100 kusunga. Theka la K2,820 ndi K1,410, koma zofunika za mtsikana wathu ndi K2,150. Akayesa lamuloli adzalephera mwezi woyamba womwe, ndipo adzadziona ngati wosakaza pamene vuto ndi kuchepa kwa malipiro.

Lachiwiri: kodi bukuli likunena za dziko liti? Dave Ramsey, m'buku la The Total Money Makeover la mu 2003, amauza wowerenga kuti ayambe ndi kusunga madola 1,000 a pangozi. Kwa mtsikana wathu ndalama imeneyi iposa malipiro a miyezi ingapo. Maphunziro ake a kutuluka m'ngongole ndi abwino, koma zimene amanena za penshoni ndi nyumba zikutsata malamulo a ku Amereka. Mukaona buku lodzala ndi madola ndi mayina a mabungwe amene kuno kulibe, dziwani kuti mwana adzalumpha masamba ambiri.

Lachitatu: kodi bukuli likumuuza chochita mwezi uno? Buku la Rich Dad Poor Dad la Robert Kiyosaki, la mu 1997, achinyamata amalikonda kwambiri. Limaphunzitsa kusiyanitsa katundu wobweretsa ndalama ndi katundu wodya ndalama, ndipo limanena zambiri za kugula nyumba ndi kuyambitsa malonda. Limatenthetsa mtima, koma silimuonetsa munthu wotsala ndi K220 poyambira. Choopsa chake n'chakuti mwana angathamangire kukongola ndalama za malonda asanaphunzire kusunga. Limeneli lidikire, lidzakhale lachiwiri kapena lachitatu.

3. BUKU LIMENE NDINGAYAMBE NALO

Pa mabuku amene ndawerenga, ine ndingayambe ndi The Richest Man in Babylon la George S. Clason, limene linatuluka mu 1926. Ndi laling'ono, ndipo lalembedwa m'nthano zazifupi za anthu a ku Babulo wakale, kotero mwana angathe kumaliza nthano imodzi madzulo amodzi. Phunziro lake lalikulu ndi limodzi: pa ndalama khumi zilizonse zimene walandira, patula imodzi usanagule kanthu, ndipo ukhale ndi moyo pa zisanu ndi zinayi zotsalazo. Mumufotokozere mwana kuti ichi si chakhumi cha ku tchalitchi ayi, koma ndalama yodzisungira yekha.

Tiliyese nalonso ndi pepala lathu. Gawo limodzi mwa khumi la K2,820 ndi K282, pamene yotsala inali K220. Kusiyana kwake ndi K62 yokha. Imeneyi ingapezeke pochepetsa ya foni ndi K30 ndi kuyenda pansi masiku ena. Akasunga K282 mwezi uliwonse, pakutha pa miyezi 12 adzakhala ndi K3,384, yoposa malipiro a mwezi wathunthu. Ngati K282 yamulemera, ayambe ndi K150, koma aipatule tsiku lolandira lomwelo. Ya kumapeto kwa mwezi sipezeka.

4. ZIMENE BUKULI SILINGAMUPHUNZITSE

Bukuli lili ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene inu mayi mukufunika.

Chingerezi chake n'chachikale, chofanana ndi cha Baibulo la King James. Mupatseni mwana awerenge tsamba limodzi mokweza musanagule. Akakakamira kawirikawiri, funani buku lomwelo lolembedwanso m'Chingerezi chamakono.

Silinena za kukwera kwa mitengo monga tikudziwira ife. K282 yobisidwa m'chitini sidzagula chaka chamawa zimene ikugula lero, ndiponso siichedwa kutengedwa alendo akabwera. Muthandizeni kutsegula akaunti yosungira, ndipo afunse ndalama zimene banki imadula pamwezi, kuti zisadye zimene akusunga. Chilimba n'chabwino pogula chinthu chachikulu monga matiresi, koma si ndalama ya pangozi, pakuti matenda sadikira kuti nthawi yake yolandira ifike.

Pa ngongole, Clason amalangiza kupereka magawo awiri mwa khumi kwa okongoza, kusunga limodzi, ndi kudya asanu ndi awiri. Magawo asanu ndi awiri a K2,820 ndi K1,974, yosakwana zofunika zija za K2,150, choncho apa bukuli silikukwana. Ndiponso ngati mwana anatenga kaloba ya K500 yobweza K750 pakutha pa mwezi, asasunge kanthu kufikira ataimaliza. Palibe akaunti yosungira imene ingamupatse K250 pa K500 m'mwezi umodzi.

5. MUDZADZIWA BWANJI KUTI MUNASANKHA BWINO?

Pamodzi ndi bukulo mugulireni kope la masamba ochepa ndi cholembera, kuti azilemba ndalama iliyonse yotuluka. Pakatha miyezi itatu, musamufunse ngati buku linamukomera. Mufunseni kuti wasunga zingati, ndipo akuonetseni kopelo. Ngati akulankhula za kulemera msanga koma m'kope mulibe kanthu, bwererani naye ku pepala la malipiro ndi kuyambanso ndi ndalama yocheperapo. Kumbukiraninso kuti K200 yotumiza kumudzi ija imabwera kwa ife makolo. Tikamaonjeza zopempha pakati pa mwezi, ndife amene tikudya ndalama imene buku lamuuza kusunga.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Kodi mukudziwa ndalama imene mwana wanu amalandira m'manja zodulidwa zonse zitachoka?
2. Pa pepala la mtsikana uja, kodi inu mukanapeza kuti K62 yoperewera?
3. Kodi tingagwirizane bwanji ndi ana athu za ndalama yotumiza kunyumba, kuti iwonso azitha kusunga?