Tiyi Wochepetsa Thupi Sasungunula Mafuta: Uthenga kwa Mabanja Onse

Anamwino tikulandira amayi ndi atsikana amene akubwera akudandaula chizungulire, kufooka, mtima kuthamanga ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo. Tikafunsa za mankhwala amene akumwa amayankha kuti palibe. Tikafunsitsitsa m'pamene amati, "Ndi tiyi chabe adokotala, wotsuka m'thupi uja." Ngati muli m'gulu limeneli, siyani kumwa tiyiyo lero.

Tiyi wambiri wotere amakhala ndi masamba amene pa paketi amalembedwa kuti senna. Amenewa ndi mankhwala otsegula m'mimba, omwe kuchipatala timapatsa munthu wodzimbidwa kwa masiku ochepa chabe. Amayamba kugwira ntchito pakapita maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake ogulitsa amakuuzani kuti mumwe usiku, kukacha ulendo wa kuchimbudzi. Koma masambawa amagwira ntchito m'matumbo aakulu, kumapeto kwenikweni kwa njira ya chakudya. Nsima, mafuta ndi shuga zimene munadya zimakhala zitalowa kale m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Chimene mukutaya ndi chimbudzi, madzi ndi mchere wa m'thupi basi.

Tiyerekeze mayi wolemera makilogalamu 80. Wamwa tiyi masiku atatu, sikelo ikuonetsa 78, ndipo wauza kale anzake a ku banki m'khonde kuti zikutheka. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho makilogalamu awiri ndi osavuta kutaya m'chimbudzi. Koma kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Makilogalamu awiri ndi makalori oposa 15,000, omwe ndi chakudya cha mayi wamkulu cha sabata yathunthu kapena kuposerapo. Zingatheke bwanji m'masiku atatu? Akangomwa madzi ndi kudya bwino, sikelo ibwerera pa 80, iye aganiza kuti tiyi wachepa, akagulanso paketi ina.

Ogulitsa amati tiyiyu amachotsa poizoni. Afunseni dzina la poizoniyo, muone ngati ayankhe. Ntchito yosefa magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira usana ndi usiku osalipidwa. Kutsegula m'mimba tsiku ndi tsiku kumalemetsa impsozo ndiponso kumachotsa potaziyamu, mchere umene umathandiza mtima kugunda bwino. Amene mumamwa HCTZ wa BP, dziwani kuti mankhwalawo nawonso amachepetsa potaziyamu, ndiye kuphatikiza ziwirizi n'kuika moyo pachiswe. Amene mumamwa mapiritsi olera, kutsegula m'mimba kwambiri kungachititse kuti asagwire bwino ntchito. Amene muli pa ma ARV, oyembekezera ndi oyamwitsa, musayese n'komwe. Tikubwerezanso: siyani kumwa tiyiyo lero. Ndipo mukabwera kuchipatala tengani paketiyo, musaibise m'chikwama. Sitikalipira munthu chifukwa chonena zoona, koma tatopa kuyeza malungo mwa anthu amene vuto lawo lili m'kapu.

Za thukuta ndi zomwezo. Kuvala jekete kapena kumanga pulasitiki pamimba pothamanga dzuwa la mu Okutobala kumatulutsa madzi, osati mafuta. Mafuta akagwiritsidwa ntchito, gawo lalikulu limatuluka ndi mpweya umene timapuma. Akanakhala kuti thukuta limaondetsa, bwenzi aliyense wa ku Nsanje ali wochepa thupi.

Mapiritsi amene amati amawotcha mafuta ambiri mwa iwo ali ndi kafeini wochuluka, amene amathamangitsa mtima ndi kusowetsa tulo. Kafukufuku sanapeze kuti amachepetsa thupi kwenikweni. Ena apezeka atasakanizidwa mobisa ndi sibutiramini, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima. Mu 2013 ku Hawaii anthu anaonongeka chiwindi atamwa mapiritsi otchedwa OxyElite Pro. Mawu akuti "zachilengedwe" pabotolo si umboni wa chilichonse.

Kudumpha chakudya sikuposa kungochepetsa mitanda, ndipo ambiri amabweza zonse madzulo. Kwa odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa gilibenkilamaidi, kusadya kungatsitse shuga mpaka kukomoka.

Chimene chimathandiza mukuchidziwa kale: chepetsani nsima, mafuta ophikira ndi zakumwa zashuga, onjezerani ndiwo zamasamba, yendani ndawala mphindi 150 pa sabata, ndipo muyembekezere kutsika kwa theka la kilogalamu pa sabata.

Ngati mwatsegula m'mimba chifukwa cha tiyi, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muzimwa pang'onopang'ono. Mukaona maso achikasu, mkodzo wakuda kapena wochepa kwambiri, kupweteka pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha kapena kukomoka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, paketi ya tiyiyo ili m'manja.