Kuphunzitsa Khutu Chiarabu: Mawu a M'munsi mwa Filimu



Ana athu ambiri amawerenga Qur'an bwino, koma Mwarabu akayankhula amangoti kakasi. Filimu ingathandize khutu, bola tidziwe kugwiritsa ntchito mawu aja amalembedwa m'munsi mwa chithunzi. Mafilimu omwe wina wayankhuliramo Chichewa pamwamba tiwasiye kaye, chifukwa Chiarabucho chafufutika.

Titenge Ar-Risala, filimu ya Moustapha Akkad ya 1976. Inajambulidwa m'Chingerezi komanso m'Chiarabu, ndipo Mtumiki (SAW) saonetsedwamo. Ife tikufuna ya Chiarabu, chifukwa amayankhula Chiarabu cha m'mabuku chomwe timaphunzira kumadrasa. Musaonere yonse. Dulani mphindi zitatu pamene Jafar bin Abi Talib akuyankhula pamaso pa Najashi, mfumu ya ku Habasha. Gawoli ndi labwino poyambira popeza mbiri yake mukuidziwa, ndipo Jafar amawerengamo ma aya a Surat Maryam.

Ulendo woyamba onerani ndi mawu a Chingerezi, kamodzi kokha, kuti mugwire nkhani. Mukawazolowera, maso amathamangira kuwerenga khutu n'kugona. Chizindikiro chake n'choti mumatha kufotokoza nkhani yonse koma osakumbuka liwu ngakhale limodzi la Chiarabu.

Ntchito yeniyeni ili pa ulendo wachiwiri, ndi mawu a Chiarabu ngati filimu yanu ili nawo. Apa mudzaona kuti zolembedwa ndi zomveka zimasiyana. Pansi palembedwa mawu awiri, في البيت, koma khutu limamva amodzi: "filbayti". Alifu ija yamezedwa, monga tinaphunzirira pa tajwidi. Komanso mawu a m'munsi alibe fatha, kasra kapena dhamma, choncho katchulidwe kake mukatenga kwa woyankhulayo. Imitsani filimu pa chiganizo chilichonse, mutchule mokweza, mubwezere m'mbuyo. Mukapeza kuti wanena mawu khumi koma alemba asanu ndi awiri, musaganize kuti khutu lanu lalakwa. Olemba amafupikitsa kuti zikwane mizere iwiri.

Nanga tiwachotse liti? Dziyeseni chonchi. Phimbani m'munsi mwa foni kapena kanema ndi kapepala, mumvere ziganizo khumi, chilichonse muchinene musanasuzumire. Mukakhoza zisanu ndi ziwiri, chotsani mawuwo pa gawo limenelo. Pa YouTube dinani CC. Ngati anamatiridwa pa chithunzi, kapepala kaja kakhale pomwepo. Mukakhoza zitatu zokha, nthawi sinakwane, ndipo kuumirira kumangosandutsa Chiarabu phokoso. Bwererani ku zolembedwa masiku awiri kapena atatu.

Kuchotsa kumeneku n'kwa gawo limodzi, osati filimu yonse. Gawo latsopano, makamaka la nkhondo ya Badr pomwe anthu akufuula pakati pa mahatchi ndi malupanga, lidzafunanso zolembedwa.

Makolo, mukaona mwana akubwereza kagawo kamodzimodzi kasanu musamudzudzule, ndiyo ntchito tamupatsa. Mphindi khumi ndi zisanu akaswali Asri zikukwana.