Gulani njere, musinje nokha: kasamalidwe ka zonunkhiritsa ndiwo

Fungo la jira, koriyanda kapena tsabola wakuda limakhala m'timafuta tomwe tinatsekeredwa m'kati mwa njere. Njereyo ikakhala yosasweka, timafutato timatuluka pang'onopang'ono kwambiri, n'chifukwa chake njere zosungidwa bwino zimatha zaka 2 mpaka 3 zikadali ndi mphamvu. Mukangosinja, mpweya umalowa paliponse ndipo fungo limayamba kuuluka. Ufa umakoma kwenikweni m'miyezi 6 yoyambirira, ndipo pofika chaka umakhala wasukuluka. Sikuti umadwalitsa ayi, koma umangopatsa ndiwo mtundu. Timapaketi ta kale tomwe timapachikidwa padzuwa pamsika nthawi zambiri timakhala titafika kale pamenepo. Tsabola amapusitsa anthu, poti kuwawa kwake kumakhalitsa ngakhale fungo litapita.

Tiyeni tikonze kale wokwanira miphika itatu kapena inayi ya nkhuku. Pezani masupuni aakulu 2 a njere za koriyanda, supuni yaikulu 1 ya jira, kasupuni ka tiyi 1 ka njere za tsabola wakuda, tsabola wouma muwiri, ndi kasupuni 1 ka ufa wa tameriki. M'masitolo a Amwenye ngati a ku Limbe, koriyanda amamutcha daniya, ndipo jira ndi yemwe ena amati kumini.

Ikani chiwaya chouma pamoto wapakati, osathira mafuta. Ngati ndi pambaula, dikirani makala asiye kulilima. Yambani ndi koriyanda payekha chifukwa njere zake n'zazikulu ndipo zimafuna mphindi 3 kapena 4. Muzitakasa osaleka monga mmene mumachitira pokazinga mtedza, kungoti izi zimapsa msanga koposa. Zikayamba kufiirira ndi kutulutsa fungo lokhala ngati la khungu la lalanje, zapsa. Jira ndi wowonda, mphindi imodzi kapena 2 zimamukwanira, ndipo n'chifukwa chake sindikonda kumusakaniza ndi mnzakeyu: pomwe koriyanda akupsa, jira amakhala atapserera kale. Tsabola wakuda ndi wouma uja angomva moto kwa mphindi imodzi. Tsegulani zenera, wouma uja amatsokomoletsa.

Musadalire wotchi kuposa mphuno. Mukaona utsi kapena njere zitada bii, tayani n'kuyambiranso, chifukwa jira wopserera amawawitsa mphika wonse ndipo tomato kapena mchere sizingabise. Ambiri amalakwitsa apa: amaphula chiwaya n'kusiya njere momwemo. Chitsulo chimakhala chikadali chotentha ndipo chimapitiriza kuwotcha. Khuthulirani m'mbale youma nthawi yomweyo.

Zisiyeni zizizire kwa mphindi 10. Mukasinja zili zotentha, kachinyezi ndi mafuta zimachititsa ufa kumatirira ku munsi, ndipo mukautsekera m'botolo umagwirana mibulu. Zikazizira sizivuta kusinja m'kamtondo kouma. Sefani, zotsalira musinjenso, ndipo tameriki mumuthire kumapeto.

Tameriki tamusiya dala osamukazinga. Ufa uliwonse, makamaka wa papirika yemwe ali ndi shuga wachilengedwe, umapserera m'masekondi ochepa pachiwaya chouma. Ufa umadzutsidwa m'mafuta: anyezi akafewa, chepetsani moto, thirani supuni imodzi ya kale wanu, takasani kwa masekondi 30, kenako thirani tomato kuti aziziritse mphika.

Kukazinga sikutalikitsa moyo wa zonunkhiritsa. Kumatulutsira mafuta aja panja, kotero ufa wa njere zokazinga ndi wofunika kuumaliza pasanathe mwezi umodzi. Kazingani zochepa, zotsalazo zikhale njere zaziwisi. Komanso si nthawi zonse pofunika kukazinga: koriyanda wosakazinga ali ndi kafungo kopepuka kangati ndimu komwe kamayenera nsomba, ndipo moto umakachepetsa.

Posunga, adani ndi kutentha, kuwala, mpweya ndi chinyezi. Botolo lagalasi lotseka bwino, ngakhale lomwe munali jamu, likwanira bola mulitsuke ndi kuliumitsa padzuwa. Liikeni m'kabati kutali ndi moto, osati pazenera, ndipo mulembepo mwezi womwe mwasinja. Musagwedezere botolo pamwamba pa mphika wowira, nthunzi imalowa. Tapani ndi supuni youma. M'nyengo ya dzinja muziyang'anitsitsa tsabola wouma ndi papirika. Zikachita nkhungu musapukute n'kugwiritsa ntchito, tayani, pakuti chuku chomwe chimagwira mtedza ndi chimanga chimagwiranso izi, ndipo poizoni wake satha ndi kuphika.

Ufa wakale uyeseni chonchi: tsinani pang'ono, tikitani m'chikhatho ndi chala, nunkhizani. Fungo likabwera lokha, udakali bwino. Ngati mukuchita kulisaka, onjezerani muyezo kawiri n'kuumaliza msanga. Ukamanunkha fumbi kapena papirika atasanduka wotuwa, gulani wina.