Kuzula Batani Lokanirira pa Kiyibodi

Lero tikambe za batani lokanirira pa kiyibodi ija yokhala ndi swichi pansi pa batani lililonse.

Yambani mwazula chingwe cha kiyibodiyo. Kolowekani kawaya kozulira pansi pa ngodya ziwiri zoyang'anizana za batanilo, ndipo, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, gwedezani pang'onopang'ono mukukoka molunjika kumwamba, pakuti kamtanda kamene kagwira batanilo kamathyoka mukakapotoza. Musapotoze ayi.

Vuto likakhala la swichi, onani kunsi kwake. Ngati miyendo yake inawotcheredwa ndi mtovu, ilekeni, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Ngati ndi yongolowetsa, panani timano take tiwiri, kakumtunda ndi kakumunsi, kenaka kokani.

Tibwerezenso: gwedezani, kokani molunjika, musapotoze. Tsalani bwino.