Malire a Malo Otetezedwa ndi Malire a Maboma ku Salima

Wofunsa: Kodi malo otetezedwa amakhala m'manja mwa boma limene malowo ali?

Mlangizi: Ayi. Malire a boma, monga la Salima, anaikidwa pofuna kuyendetsa za anthu: mafumu, makhoti, zipatala ndi chitukuko. Malire a malo otetezedwa amatsata mapiri, mitsinje ndi kumene nyama zimakhala, ndipo amakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko lonse. Mapaki 5 a m'Malawi, omwe ndi Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi paki ya Nyanja ya Malawi, ali pansi pa nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, potsata lamulo la 1992. Nkhalango zotetezedwa zili pansi pa nthambi ya zankhalango, potsata lamulo la 1997. Bwanamkubwa ndi khonsolo alibe mphamvu yosuntha malirewo.

Wofunsa: Nanga kwa anthu a ku Salima, chitsanzo chapafupi ndi chiti?

Mlangizi: Ndi paki ya Nyanja ya Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Ambiri amaidziwa ngati ya ku Mangochi, chifukwa mbali yake yaikulu ili ku Nankumba, kumene kuli mudzi wa Chembe. Koma pakiyi si malo amodzi olumikizana. Ili ndi zilumba zobalalika, ndipo zitatu mwa izo, Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zili m'boma la Salima, kummwera kwa Senga Bay.

Wofunsa: Pamadzi palibe mpanda. Msodzi angadziwe bwanji kuti walowa m'paki?

Mlangizi: Amayezera kuchokera kumtunda. Madzi onse a mkati mwa mamita 100 kuchokera pagombe la chilumba ndi a paki, ndipo kusodza m'menemo n'koletsedwa. Utali umenewu ndi wofanana pafupifupi ndi bwalo la mpira. Unasankhidwa chifukwa mbuna zimakhala m'miyala ya m'mphepete, ndipo mitundu ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha.

Msodzi wa ku Salima akatchera matchera ake pa mamita 60 kuchokera pa Maleri, walakwira lamulo la mapaki, ngakhale sanatuluke m'boma lakwawo. Chiphaso chosodzera sichimuombola, ndipo mfumu ya pagombe singamuloleze. Matchera omwewo akawatchera pa mamita 300, ali kunja kwa paki, ndipo omutsata ndi malamulo a usodzi okha.

Wofunsa: Kodi chilumba cha Mbenji nachonso n'chimodzimodzi?

Mlangizi: N'chosiyana. Mbenji si mbali ya pakiyi. Kumeneko usodzi umatsekedwa m'nyengo yamvula mwa lamulo la Mfumu Makanjira ndi anthu ake, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Zilumba zonsezi zili m'boma limodzi, koma pa Mbenji mphamvu ndi yaufumu, pamene pa Maleri ndi ya lamulo la mapaki. Choyamba kufunsa n'chakuti malowo amatetezedwa ndi lamulo liti, osati ali m'boma liti.

Wofunsa: Nanga kumtunda zimayenda bwanji?

Mlangizi: Nkhalango ya Thuma, yomwe inatetezedwa mu 1926, ili pa zitunda za kumadzulo kwa nyanja, ndipo yazunguliridwa ndi midzi ya m'maboma a Salima, Dowa ndi Lilongwe. Kummwera kwake kuli nkhalango ya Dedza-Salima, imene dzina lake lomwe likusonyeza kuti yagwira maboma awiri. Njovu zimayenda pakati pa nkhalango ziwirizi. N'chifukwa chake bungwe la Wildlife Action Group, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango, limayang'anira zonse ziwiri ngati malo amodzi. Mpanda wamagetsi ukamangidwa mbali ya boma limodzi lokha, njovu zimangotulukira kumene mpandawo wathera, vuto n'kusamukira kwa alimi a boma linalo. Ootcha makala nawonso akathamangitsidwa mbali imodzi amalowera mbali ina.

Wofunsa: Kodi zochitika m'boma lina zingaononge malo otetezedwa a ku Salima?

Mlangizi: Mtsinje wa Linthipe ndi umboni. Madzi ake amachokera ku Dedza ndi ku Lilongwe, ndipo amathira m'nyanja pafupi ndi zilumba za Maleri. Mitengo ikadulidwa kumtunda ndiponso anthu akalima m'mphepete mwa mitsinje, dothi limakokoloka. Chizindikiro chake ndi madzi ofiira amene amayala panyanja mvula ikagwa. Matopewo amakwirira ndere za pamiyala zomwe mbuna zimadya. Malire a mamita 100 amaletsa ukonde, koma saletsa matope.

Wofunsa: Tsono boma la Salima limagwirapo ntchito yanji?

Mlangizi: Ntchito yake ili kunja kwa malire, kumene kuli anthu. Mafumu ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe ndiwo amakambirana ndi oyang'anira malowo za mpanda, nkhuni ndi nyama zolowa m'minda. Wogwidwa akupha nyama kapena kudula mitengo amaperekedwa ku polisi ndi ku khoti la majisitireti. Pamene malo akhudza maboma angapo, mgwirizano umagwira ntchito pokhapokha mafumu ndi makhonsolo a mbali zonse atsata mfundo zofanana.