Mitipayi yoyoyoka: majarini asasungunuke asanalowe mu uvuni

Amene amagulitsa mitipayi pa depoti kapena m'maofesi amadziwa kuti kasitomala amaweruza poluma koyamba. Ngati chikopa cha payi chikuyoyoka n'kumagwera pamalaya, mawa abweranso. Ngati chikutafunika ngati chapati chogona, ngakhale muikemo nyama yokoma bwanji, mawa adzagula samusa kwa mnzanu wa pambali. Ambiri akaona zimenezi amasintha ufa kapena kuwonjezera mazira, pomwe vuto nthawi zambiri limakhala loti majarini anasungunuka m'manja ntchito isanafike pakati.

Chimene chimachitika mu uvuni n'chosavuta kumva. Majarini kapena batala akakhala ozizira, amatsala mu mtanda ngati timapale topyapyala totchinga pakati pa ufa. Moto ukawapeza, madzi a mu mtanda ndi a m'majarinimo amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kukankha ufa uku ndi uku, ndipo pamene panali kaphale ka majarini pamatsala mpata. Mipata imeneyi ndi imene imapanga timagawo toyoyoka tija. Koma majarini akafewa msanga amalowerera mu ufa, timapale tija osaonekanso, ndipo chikopa chimatuluka chamtundu umodzi ngati sikono.

N'chifukwa chake luso la mandasi pano limapweteketsa. Wozolowera mandasi amakanda mpaka mtanda usalale, chifukwa ufa wa tirigu ukanyowa n'kukandidwa umatulutsa ulimbo wina wotchedwa gulateni, umene umachititsa mtanda kutamuka. Pa buledi ndi mandasi ulimbowu ndi wofunika. Pa payi ukachuluka chikopa chimalimba, ndiponso manja okandawo ndi ofunda moti amasungunula majarini.

Tiyeni titenge muyezo wa mapayi 12. Pakufunika ufa wa tirigu wopanda chotupitsa magalamu 500, majarini magalamu 300, mchere tiyisupuni imodzi, ndi madzi a ayezi mamililita 130 mpaka 150, omwe ndi masupuni aakulu 9 kapena 10. Pogula, sankhani majarini a njerwa olembedwa kuti ndi ophikira. A m'kontena opaka pa buledi aja anawapanga kuti azikhala ofewa ngakhale atuluke mufiriji, ndipo ambiri amakhala ndi madzi ochuluka. Batala ndiye wokoma kuposa zonse, kungoti amadya phindu ndipo amafewa msanga kukatentha. Kwa wogulitsa mapayi pamsika, ine ndikuona kuti majarini a njerwa ndi okwanira.

Ikani njerwa ya majariniyo mufiriza kwa ola limodzi, ufa nawonso ukhaleko mufiriji pamodzi ndi beseni lake. Mukatulutsa, sakanizani ufa ndi mchere, kenako palani majarini ndi chopalira karoti, ku mbali ya mabowo aakulu, kuti azigwera mu ufamo. Muziviika njerwayo mu ufa pafupipafupi kuti isamatirire, ndipo muziigwira ndi pepala lake, osati ndi dzanja lokha. Mukatha, vundulani ndi mpeni kapena foloko mpaka kachidutswa kalikonse kavale ufa. Musafikise ndi zala.

Madzi thirani pang'onopang'ono mukuvundula ndi mpeni womwe uja. Siyani pamene mwatapa pang'ono, n'kufinya m'dzanja, n'kuona kuti zagwirana. Mtandawo uoneka wosalongosoka, wa mawangamawanga a majarini, mwina mpaka mtima kukuuzani kuti muukande pang'ono. Ukanizeni mtimawo. Ingosonkhanitsani ndi manja kawiri katatu, muuphwatalitse, muukulunge m'pulasitiki, upume mufiriji mphindi 30. Pa nthawi yopumayi ufa umamwa madzi mofanana, ulimbo uja umamasuka, majarini n'kulimbanso.

Ukapuma, wazani ufa pang'ono patebulo, yalani mtandawo ndi botolo kuti ukhale wamakona anayi, wotalika katatu kuyerekeza ndi mulifupi mwake. Botolo lagalasi lodzaza madzi ozizira, lopukuta bwino kunja, limagwira ntchito kuposa chamtengo. Pindani patatu monga mupindira kalata yolowa mu envelopu, tembenuzani kuti m'mphepete motseguka muyang'ane kwa inu, yalaninso ndi kupindanso patatu. Bwezerani mufiriji mphindi zina 30, kenako bwerezani kupinda komweku kawiri n'kupumitsanso. Mukaona mtanda ukubwerera m'mbuyo ngati labala pamene mukuyala, kapena pamwamba payamba kunyezimira mafuta, musalimbane nawo. Choyambacho chikutanthauza kuti sunapume mokwanira, chachiwiricho kuti wafunda, ndipo mankhwala a zonse ziwiri ndi firiji.

Apa nyengo yathu imalowererapo. M'mwezi wa Okutobala, makamaka kumadera otentha ngati Chikwawa, Nsanje ndi Salima, khitchini ya malata masana imafewetsa majarini m'mphindi zochepa. Konzani mtanda usiku kukazizira kapena m'bandakucha. Umatha kugona mufiriji masiku awiri osawonongeka. Magetsi akathima, ikani mtandawo m'pulasitiki yosalowa madzi n'kuugoneka pa ayezi m'kulabokosi, ndipo muzitulutsa theka lokha nthawi imodzi.

Poumba, yalani mtanda mpaka ukhale wochindikala mamilimita 3 kapena 4, ndipo dulani mozungulira mbale ya masentimita 16 ndi mpeni wakuthwa. Mpeni wobuntha umamata timagawo m'mphepete. Zotsala podula musaziumbe ngati mpira. Zisanjikeni china pamwamba pa chinzake n'kuyalanso, apo ayi mapayi omalizawo adzakhala olimba.

Pali cholakwa china chimene chimawononga ntchito yonseyi pa mphindi yomaliza: kuika nyama yotentha. Nyama yogaya magalamu 500, anyezi ndi mbatatesi zoduladula ziphikidwe dzulo lake, msuzi uphwe mpaka utsale wokhuthala, zizizire ndithu mufiriji. Nyama yofunda imasungunula majarini a pansi, payi n'kutuluka yonyowa kumimba. Ikani masupuni aakulu atatu kapena anayi pa theka la chozunguliracho, nyowetsani m'mphepete, pindani, dindani ndi foloko, ndipo boolani pamwamba kawiri kuti nthunzi izitulukira. Mapayi oumba kale apumenso mufiriji mphindi 20. Mukadumpha pamenepa amakhwinyata mu uvuni n'kuoneka aang'ono, pomwe zipangizo mwalowetsa zomwezo.

Pakani dzira pamwamba pokha, ndipo alowe mu uvuni yotentha kale madigiri 200 kwa mphindi 25 mpaka 30, mpaka afiire bwino pansi ndi pamwamba. Amene mumaotchera mu uvuni ya makala, dikirani itenthe kaye ndithu. Mukapeza mafuta atasefukira m'thireyi mapayi ali otuwa, moto unali wochepa: majarini anasungunuka n'kuthawa nthunzi isanakweze timagawo. Aziziritseni pa waya, ndipo musawatsekere m'bigili akadali otentha, chifukwa thukuta lake limafewetsa chikopa musanafike n'komwe pamsika.

Tsono za ndalama. Pa muyezo uwu payi iliyonse imadya majarini magalamu 25 ndi ufa pafupifupi magalamu 42. Ndiye kuti njerwa ya magalamu 500 ikupatsani mapayi 20, ndipo paketi ya ufa ya makilogalamu awiri ikupatsani 48. Gawani mtengo umene mwagulira sabata ino ndi manambala amenewa kuti mudziwe chimene chikopa chilichonse chikukudyerani. Majarini akakwera mtengo mutha kutsika kufika magalamu 250, lomwe ndi theka la kulemera kwa ufa, koma chimene mwapulumutsa pa payi imodzi ndi magalamu 4 okha. Mukatsika kupitirira pamenepo mudzafunika madzi ambiri kuti mtanda ugwirane, ndipo madzi ambiri ndi amene amadzutsa ulimbo uja. Bola kukweza pang'ono mtengo wa payi kapena kudulira mbale yocheperako.